Foni yanga inafa mu Meyi, kodi za pa WhatsApp ndidzazipeza ndikagula ina?

Mlembi wa Kopa: Muli bwanji nonse. Ndithandizeniko maganizo. Ine ndine mlembi wa kopaletivu yathu kuno cha ku Vubwi, ndiye foni yanga yaikulu inagwa pa njinga mu Meyi sikirini inangoti bii, kuyambira pamenepo ndikugwiritsa kafoni ka mabatani. Vuto ndi lakuti zonse za mamembala zili mmenemo, marisiti a ndalama za mashea amene anthu amanditumizira pa WhatsApp, zithunzi za mareji awo, mndandanda wa amene analipira ndi amene sanalipire, zonse. Ndimati ndigula ina mu Okutobala ndikalandira ya chimanga koma mwana wa mlongo wanga wandiopseza kuti ati ukakhalitsa osalowa amafufuta. Ndi zoona zimenezi kapena angofuna ndimugulire foni iye?

Bwana Shuwa: Atsibweni musade nkhawa ndi zaka ziwiri zimenezo. Ndinawerenga ine, ukapanda kulowa zaka ziwiri ndi pamene amafufuta. Okutobala ndi pafupi apa

Madamu a Kompyuta: A Shuwa zaka ziwirizo ndi za Google, za Gmail, osati WhatsApp. Izi ndi nyumba ziwiri zosiyana ndipo aliyense ali ndi lamulo lake. WhatsApp analemba okha kuti akaunti imene yakhala masiku 120 osalumikizika ku intaneti kawirikawiri amaifufuta. Alembi tiuzeni tsiku lenileni limene foni inagwa tiwerenge bwino, ndipo mutiuzenso kuti simu ya nambala ya WhatsApp ija ili kuti pano

Mlembi wa Kopa: Linali pa 10 Meyi madamu, ndikukumbuka chifukwa tinkachokera ku miting'i ya kopa. Simu ili momwemo mu foni yakufayo mu sutikesi. Laini ija kumudzi kuno siigwira bwino ndiye mu kafoni kakang'ono ndinaika inzake ya kampani ina

Wokonza Mafoni Kapata: Eee apo ndiye pali nkhani

Madamu a Kompyuta: Chabwino tiyeni tiwerenge. Kuchoka pa 10 Meyi kufika kumapeto kwa mwezi ndi masiku 21, Juni 30, Julayi 31, lero ndi pa 12 Ogasiti, pamodzi masiku 94. Kwatsala 26, ndiye kuti 120 ikwana pa 7 Sepitembala. Okutobala mukhala mutapitirira ndi mwezi wathunthu. Koma ine chimene chandidetsa nkhawa kwambiri si WhatsApp ayi, ndi simuyo, nayonso yakhala masiku 94 osaimba osalandira osaikidwa tokotaimu. Makampani a mafoni onse amatseka laini imene yagona nthawi yaitali kenaka nambala amaigulitsa kwa munthu wina, ndipo nambala imeneyo ndi imene WhatsApp imakudziwirani, mwinanso ndi imene Gmail yanu imatumizirako kodi mukaiwala pasiwedi. Nambala ikapita zina zonsezi muzingoziyang'ana chapatali. Ndiye lero lomwe musanachite china chilichonse chotsani simuyo muiike mu kafoni ka mabatani, kwerani pa chulu pamene imagwira, muone ngati dzina la netiweki likubwera, ikani tokotaimu olo ya K5 muimbire munthu.

Amake Tiza: Koma zoona angagulitse nambala ya munthu imene inalembetsedwa ndi reji yake? Ine ndimaona ngati ukalembetsa ndi yako mpaka imfa

Wokonza Mafoni Kapata: Amake Tiza nambala timachita kubwereka chabe. Zili monga sitandi ya pa msika, ukaisiya miyezi osabwera osalipira upeza wina wayala tomato, olo unene kuti ndinayamba ndine. Reji imangoonetsa kuti pa nthawi imeneyo amene akuigwiritsa ndi inu. Ine pa shopu ndimaona anthu agula simu yatsopano mu paketi koma tsiku lomwelo ayamba kulandira mafoni a ngongole za munthu amene samudziwa, ndi zomwezo, nambala inali ndi mwini wake kale

Bwana Shuwa: Nanga bwanji ine ndinakhala ku Joni miyezi isanu ndi umodzi foni ndinaisiya kuno yozimitsa, nditabwera ndinayatsa mauthenga onse akale ndinawapeza ali phee. Masiku 120 anuwo anali kuti? Zinazi amangolemba zoopsezera

Madamu a Kompyuta: Funso labwino a Shuwa ndipo yankho lake ndi limene lithandize alembi. Mauthenga a WhatsApp sakhala kwa iwo, amakhala mu foni mwanu. Iwo akafufuta akaunti amafufuta zimene zili kumbali yawo, kulembetsa kwa nambala, chithunzi cha pa pulofailo, malo anu mu magulu, koma zimene zinalowa kale mu foni sangazifikire. Analembanso okha kuti munthu akalembetsanso pa foni yomweyo, zimene zinali mmenemo zimaonekeranso, bola pulogalamuyo sinachotsedwe. Ndiye inu munabwerera ku foni yomwe ija, nchifukwa chake munazipeza. Komanso sanalonjeze kuti pa tsiku la 120 ndendende 12 koloko afufuta, akuti kawirikawiri, wina angapitirire pang'ono osakhudzidwa, koma kuchoka pamenepo ufulu uli kwa iwo ndipo simungakadandaule. Ndikufunseni, mutabwera munapeza mauthenga amene anthu anakutumizirani miyezi yoyamba muli ku Joni?

Bwana Shuwa: Awo sindinawaone zoona, ndimangoti anthu anandiiwala kkkk

Madamu a Kompyuta: Sanakuiwaleni. Uthenga umene sunafike pa foni amausunga masiku 30 okha kudikira kuti muyatse, mukapanda kuyatsa amautaya. Ndiye alembi apa pokha ndikuuzirenitu zowawa, marisiti amene mamembala anatumiza kuchoka pa 10 Meyi kufika chapakati pa Julayi amenewo anapita kale, olo foni idzuke mawa safika. Muwauze atumizenso, kwa iwo akadalipo ali ndi katiki kamodzi. Zimene tikulimbana nazo kupulumutsa ndi za mmbuyo mwa 10 Meyi, ndi akaunti yeniyeniyo kuti musatuluke mu magulu.

Mlembi wa Kopa: Mayo ine. Ndiye gulu la kopa ndine ndinalitsegula, adimini ndine ndekha

Madamu a Kompyuta: Gulu silifa, mauthenga kwa anzanu akhalapobe, koma adimini yekhayo akachoka udindo umagwera membala wina mwachisawawa, simusankha inu. Angakhale amene simugwirizana naye pa za ndalama.

Amake Tiza: kkkkk ugwere uja amakana kulipira mashea muone

Mfana wa Mchini: Bakamba nifunseko, ine nisebenzesa GB WhatsApp ija yobisa kuti uli pa laini, nayo masiku 120 yagwira? Kaili ine nimalowa daily so nilibe vuto

Wokonza Mafoni Kapata: Iwe mfana yako ndi nkhani ina ndipo ndi yoipa kuposa ya alembi. Iwe sakufufutira kugona, akutsekera kuphwanya malamulo. GB ndi anzake onse aja si a WhatsApp eni ake, ndipo mu malamulo amene unavomera potsegula muli zoti usagwiritse mapulogalamu osavomerezeka. Tsiku lina udzangodzuka upeza sikirini yalemba kuti akaunti iyi singagwiritsenso WhatsApp, pansi kabatani ka Request a review, ukadina ndi iwo aone ngati akukhululukira kapena ayi. Ndipo choipa china GB siisunga bakapu, kope la mauthenga ako, ku Google Drive monga yeniyeni, ndiye ukatsekeredwa ulibe pogwira

Mfana wa Mchini: Ah ine chaka chachitatu manje palibe chinachitika

Wokonza Mafoni Kapata: Pitiliza, shopu yanga uidziwa

Bwana Shuwa: Tibwerere kwa atsibweni. Njira yachidule nayi, simu ikagwira aiike mu foni ya amayi kunyumba kapena ya mwana wa mlongo wawo uja, atsegule WhatsApp ndi nambala yawo, kodi ibwere, basi wotchi ya masiku 120 yayambiranso. Zabwerera ku bakapu zonse. Mphindi zisanu chabe

Madamu a Kompyuta: Theka lake ndi zoona, akaunti ingapulumuke motero, koma alembi musathamangire njira imeneyi, ili ndi misampha iwiri. Woyamba, pali lamulo lina la masiku 45. Akaunti ikagona masiku 45 kenaka nkutsegulidwa pa foni ina, WhatsApp amatenga ngati nambala yapita kwa munthu watsopano ndiye amachotsa zakale za pa akaunti monga chithunzi ndi mawu aja a pa About. Analiika kuti ateteze mwini wakale, koma silidziwa kuti ndinu yemweyo. Kwa inu 45 inakwana pa 24 Juni. Chimenecho ndi chaching'ono, chithunzi mungaike china. Msampha wachiwiri ndi umene umaliza anthu. Bakapu ya ku Google Drive imabwerera pokhapokha nambala ili yomweyo NDIPO pa foni yatsopanoyo mwalowetsa Gmail yomwe ija imene inasunga. Mu foni ya amayi muli Gmail ya amayi, ndiye siipeza kanthu, ingotseguka yopanda kalikonse. Ndipo funso lakuti Restore limabwera pa kutsegula pokha, ukadina Skip ladutsa. Munthu amati ndidzabweza pambuyo, kenaka tsiku lina alowetsa Gmail yake nkudina Back up, bakapu yatsopano yopanda kanthu ija imalemba pamwamba pa yakale. Apo ndiye kwatha, palibe amene angakubwezereni.

Bwana Shuwa: Iyo ya kulemba pamwamba ndaimva, komabe ine ndikuti bola akaunti ikhale moyo kaye

Madamu a Kompyuta: Ikafika pa 5 Sepitembala foni yakale isanadzuke ndidzagwirizana nanu a Shuwa. Lero tikadali ndi masiku. Alembi, Gmail yanu mukuidziwa dzina ndi pasiwedi yake?

Mlembi wa Kopa: Madamu ine Gmail sindinatsegulepo. Ndimangogwiritsa WhatsApp ndi Facebook

Wokonza Mafoni Kapata: Muli nayo bambo, palibe foni ya Android imene imakopera zinthu pa Play Store popanda iyo. Munagula kuti foni? Amene anakuikirani WhatsApp tsiku logula ndi amene anakutsegulirani

Mlembi wa Kopa: Ndinagula mu tauni momwemo mu 2022, kamnyamata ka pa shopu kanandiikira zonse nkundipatsa. Kanalemba tina pa kapepala koma kaya kanapita kuti

Wokonza Mafoni Kapata: Ndimadziwa. Mwa anthu amene amabwera kwa ine ambiri ndi otero, ndipo anyamata ena chifukwa cha changu amaika nambala yawo pa malo a nambala yobwezera akaunti, kuti kodi ibwere pa foni yawo amalize msanga kasitomala apite. Si kuba ayi, ulesi chabe, koma mawa lake akachoka pa shopu mwini foni watsala pa mtunda

NaPhiri wa ku Lundazi: Pepani kulowerera, yanga ikufanana pang'ono. Bambo athu anatisiya mu Novembala chaka chathachi, zithunzi zonse za banja, za ukwati wa mng'ono wanga, za ku Nc'wala, amajambula ndi iwo ndipo amati zimasungika zokha pa Google. Foni tili nayo ili mu kabati amayi safuna munthu aigwire. Zaka ziwiri mukunenazo zikutikhudza?

Madamu a Kompyuta: Pepani ndi maliro aNaPhiri. Inde zikukukhudzani. Google analengeza mu Meyi 2023 kuti akaunti ya munthu wamba imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito akhoza kuifufuta pamodzi ndi zonse, Gmail, Drive, Photos, ndipo anati kufufutako kuyamba pa 1 Disembala 2023. Amachenjeza kangapo miyezi isanakwane, koma chenjezo amatumiza ku imelo yomweyo ndi ku imelo yobwezera ngati inaikidwa, ndiye kwa munthu amene anamwalira ndani aziwerenga. Wotchi yanu inayamba tsiku lomaliza limene akaunti inagwira ntchito, mukadali ndi nthawi yoposa chaka koma musadikire. Pemphani amayi mwaulemu, tchajani foni, ikani bandulo, tsegulani Gmail muwerenge imelo imodzi, kenaka tsegulani Google Photos payokha chifukwa zithunzi zili ndi kalamulo kake, amafuna kuti Photos yeniyeniyo idzitsegulidwa mkati mwa zaka ziwiri. Kungoyatsa foni nkuzimitsa musadalire, amawerenga zochitika pa akaunti osati pa chipangizo. Mukatero pitani pa takeout.google.com musankhe Photos, akukonzerani zonse mu mafailo mukopere pa kompyuta kapena pa fulashi. Zimadya bandulo yambiri, bola pa Wi-Fi ya ku ntchito kapena ku sukulu.

NaPhiri wa ku Lundazi: Zikomo madamu. Loko ya foni mng'ono wanga akuidziwa. Nanga tikanakhala sitidziwa, Google angatipatse pasiwedi tikaonetsa pepala la imfa?

Madamu a Kompyuta: Pasiwedi sapereka kwa aliyense. Ali ndi fomu ya achibale a womwalira yopempha kutseka akaunti kapena kupempha zina za mkati, amafuna mapepala ndipo amaona okha ngati apereka, si lonjezo. Kwa ife amoyo pali chinthu chotchedwa Inactive Account Manager mu zokonza za akaunti, umasankha kuti ndikakhala chete miyezi 3, 6, 12 kapena 18 muuze anthu awa, mpaka anthu 10, ndipo muwapatse zakuti zakuti. Koma aNaPhiri simu ya bambo nayo muione, kuyambira Novembala ndikukayika ngati ikadali yawo. Ngati yapita musatuluke mu akaunti pa foni imeneyo ndipo musaipukute, foniyo ndiye khomo lokhalo latsala.

Amake Tiza: Ine chimandinyansa ndi ichi, zinthu ndi zanga, zithunzi za ana anga, wina ali kutsidya la nyanja angoganiza kuti ndakhalitsa afufute. Malamulo akewo masamba ndi masamba Chingerezi cha maloya, ndani anawerengapo? Tonse timangodina Agree kuti chitseguke. Kumudzi munthu foni ikafa amadikira kukolola kuti agule ina, miyezi inayi si kanthu. Amene analemba 120 sanadikirepo ndalama ya soya

Bwana Shuwa: Za ulere amake Tiza, munalipira zingati? Makompyuta osungira amadya magetsi

Amake Tiza: Ulere wa chani, nanga malonda amene amationetsa pa YouTube ndi Facebook amadya ndani ndalama zake? Ndipo bandulo ndimagula

Madamu a Kompyuta: Chifukwa chimene Google anapereka ndi chitetezo, akuti maakaunti osiyidwa amakhala ndi mapasiwedi akale ndipo ambiri alibe chitseko chachiwiri chija cha kodi, ndiye akuba amawalanda mosavuta nkumatumizira anthu zachinyengo. Pamenepo ndimawamvetsa, ndipo zaka ziwiri ndi zokwanira. Koma pa 120 ndili mbali ya amake Tiza, kwa mlimi ndi yaifupi. Kungoti kudandaula kwathu sikusintha tsiku la 7 Sepitembala.

Bwana Shuwa: Ine ndikuti ndi bwino amafufuta. Nambala yanu itagulidwa ndi tsotsi mungakonde apeze chithunzi chanu ndi magulu anu ali momwemo azipempha ndalama kwa abale anu mu dzina lanu?

Amake Tiza: Asagulitse nambalayo poyamba

Wokonza Mafoni Kapata: Izo mukambirana mpaka Kulamba ipite. Alembi ndifunseko za foni yeniyeniyo. Mukaika pa chaja imanjenjemera kapena kulira? Inagwa pouma kapena mmadzi?

Mlembi wa Kopa: Pouma pa msewu. Tsiku limene inagwa anthu akaimba imalira ndithu koma osaona kanthu. Ndinazimitsa pogwira batani nkusunga

Wokonza Mafoni Kapata: Ndiye mwayi ulipo waukulu, foni yolira ndi yamoyo, chafa ndi sikirini chabe. Zonse zanu zili mkati mmenemo sizinasunthe. Kusintha sikirini ndi kotchipa kuposa foni yatsopano ndipo ndi ntchito ya tsiku limodzi ngati sikirini ya mtundu wake ilipo mu tauni, ikasowa timaitanitsa ku Lusaka pa basi. Koma mverani ichi, kulikonse mukapite, kwa ine kapena kwa wina, munene ndi pakamwa kuti MUSAFULASHE ndipo musaipange riseti. Anyamata ena foni ikangovuta kuyaka amathamangira kufulasha, imayaka bwino inde koma yopukutika ngati yatsopano, ndiye pamwamba pake ikufunsani Gmail yakale ndi pasiwedi imene simuidziwa, mwaluza kawiri. Batire itakhala miyezi itatu ingatenge nthawi pa chaja isanadzuke, asanene kuti yafa

Madamu a Kompyuta: Ndi njira imeneyi imene ndikuifuna ine. Foni yakale ikadzuka lamulo la masiku 45 silikukhudzani chifukwa si chipangizo china, mungoika bandulo nkutsegula WhatsApp, wotchi ya 120 yabwerera pa ziro. Ndipo nthawi zambiri Gmail imakhala ikadali yolowa mmenemo, ndiye dzina lake muliona, ndipo kusintha pasiwedi pa foni imene Google amaidziwa kale kumapepuka kuposa pa foni yachilendo.

Mlembi wa Kopa: Nanga bakapu mukunenayo ngati ilipo siingadikire mpaka Okutobala?

Madamu a Kompyuta: Nayo ili ndi wotchi yakeyake. Bakapu ya WhatsApp ku Google Drive ikakhala miyezi isanu osaonjezeredwa ikhoza kuchotsedwa, kale chinali chaka koma anafupikitsa. Ndipo miyezi isanuyo siyambira pa 10 Meyi, iyambira tsiku limene bakapu yomaliza inakwera. Apa ndi pamene anthu a kuno timagwa, chifukwa foni imabwera itaikidwa kuti isunge pa Wi-Fi pokha, kabatani kololeza kusunga ndi bandulo kamakhala kozimitsa. Munthu amene sanalumikizepo Wi-Fi angakhale zaka akuganiza kuti zikusungika pamene palibe chinakwera. Tinene kuti munalumikiza Wi-Fi komaliza pa miting'i ina mu tauni pa 20 Malichi, ndiye kuti miyezi isanu ikwana pa 20 Ogasiti, sabata ya mawa. China, kuyambira chakumayambiriro kwa 2024 bakapu imeneyi imawerengedwa mu 15 GB ya ulere imene Gmail, Drive ndi Photos amagawana, ikadzaza kusunga kumaima. Ndiye ine bakapu yanu sindikuiwerengera konse mpaka tiione ndi maso.

Mfana wa Mchini: Apa manje namvela, so olo ine wa daily ningapezeke nilibe bakapu

Wokonza Mafoni Kapata: Iwe ulibe ndithu takuuza kale

Mlembi wa Kopa: Ndabwera. Ndinapita ku sukulu kumene imagwira, simu yadzuka, netiweki yabwera, ndaika ya K10 ndaimbira msungichuma wathu yalowa. Mauthenga a kampani abwera ambirimbiri ena ochenjeza kuti laini idzatsekedwa. Aphunzitsi ena pano andithandiza kuyesa za Gmail pa foni yawo

Madamu a Kompyuta: Mwachita bwino kwambiri, chachikulu mwapulumutsa. Musaibwezerenso mu sutikesi, izikhala mu kafoni ndipo muziimbira olo kamodzi pa sabata. Auzeni aphunzitsiwo atsegule accounts.google.com/signin/usernamerecovery alembe nambala yanu ija ndi dzina lanu monga linalembedwera. Ngati nambalayo ndi imene inaikidwa pa akaunti kodi ibwera pa kafoni kanu ndipo akuonetsani dzina la Gmail. Musatsegule WhatsApp pa foni yawo, izi zokha.

Mlembi wa Kopa: Akuti palibe akaunti yogwirizana ndi zimenezo. Tayesa dzina la chikhristu, tayesa la kumudzi, tayesa kutembenuza, zakana

Wokonza Mafoni Kapata: Kamnyamata kaja kanaika yake. Kapena sikanaike iliyonse

Bwana Shuwa: Apite ku ZICTA, oyang'anira makampani a mafoni aja, akadandaule

Madamu a Kompyuta: ZICTA angakumvereni pa nkhani ya laini ndi kampani ya mafoni ya muno, koma akaunti ya Gmail imene inatsegulidwa ndi nambala ya munthu wina si iwo angaitsegule. Alembi lekani kuyesa, apa zaonekeratu kuti njira ndi imodzi, sikirini. Bakapu olo ilipo simungaifikire popanda Gmail, ndipo Gmail ili mu foni yakufayo. Ikadzuka muchite motere musanachoke pa shopu. Ikani simu ndi bandulo, tsegulani WhatsApp mudikire mauthenga alowe. Pitani Settings, Chats, Chat backup, pamenepo muona dzina la Gmail ndi tsiku la bakapu yomaliza, lembani mu buku la kopa ndi bolopeni. Yatsani kosunga ndi bandulo mudine Back up, mavidiyo musaphatikize angakudyereni bandulo yonse. Kenaka mu zokonza za Google pa Security muchotse nambala yachilendo muike yanu, akafunsa pasiwedi dinani Forgot password pa foni yomweyo. Mu gulu la kopa muike msungichuma ndi wapampando akhale maadimini anzanu.

Wokonza Mafoni Kapata: Ndionjezere, marisiti ndi zithunzi za mareji tizikopera pa kompyuta nkuika pa fulashi, pa mafoni a masiku ano zimakhala umu

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media
```

zimenezo ndi zithunzi wamba zimatseguka paliponse popanda akaunti. Mauthenga olemba ndi amene ali okhoma, amenewo mutsegule gululo mudine timadontho titatu, More, Export chat, mutumize kwa msungichuma, imatuluka failo yowerengeka ngati kalata

Amake Tiza: Koma mareji a anthu pa fulashi musamale nayo alembi, isamayende mu thumba la aliyense

Mlembi wa Kopa: Zoona amake Tiza ikhala mu bokosi la kopa. Vuto ndalama ya sikirini ndi thiransipoti, ya chimanga siinatuluke. Ndikamba ndi wapampando mwina kopa ingandibwereke poti zinthu zake ndi za gulu

Bwana Shuwa: Ikalephera ndalama pofika pa 5 mubwerere ku njira yanga ija ya foni ya amayi, madamu anavomera pamaso pa anthu

Madamu a Kompyuta: Ndinavomera, koma ili ndi mtengo wake. Mukalembetsa nambala pa foni ina, WhatsApp ya pa foni yakale imatuluka, idzafuna kulembetsanso ikadzuka, ndipo pamenepo muyenera kusamala kwambiri kuti wina asaichotse kapena kudina Clear data poganiza kuti akukonza. Zithunzi za mu Media zikhalapo ndithu, pa mauthenga ndi pamene sindingaike mutu wanga. Ine bola mugulitse nkhuku ziwiri zitatu mubwere sabata ino.

NaPhiri wa ku Lundazi: Madamu amayi avomera, titsegula Loweruka mng'ono wanga akabwera. Simu ya bambo tayesa kuimbira wayankha munthu wina wa ku Kitwe

Madamu a Kompyuta: Ndiye muchite monga ndinanena, osatuluka mu akaunti, osapukuta, Takeout tsiku lomwelo. Nambala yobwezera muyese kuisintha ikhale ya amayi chifukwa pano makodi a akaunti ya bambo akupita kwa munthu wa ku Kitweyo. WhatsApp yawo ikafunsa kulembetsanso musadine chilichonse, kopani kaye za mu Media.

Wokonza Mafoni Kapata: Alembi nditumizireni ku inibokisi dzina la foni ndi manambala aja olembedwa kumbuyo kwake ndifunse sikirini lero, kuti musakwere galimoto kuchoka ku Vubwi nkupeza kulibe. Mubwere ndi chaja yake ndipo mukumbukire patani ya loko, imeneyo mukaiwala ine sindingakuthandizeni

Mlembi wa Kopa: Patani ndikuikumbuka. Ndituma madzulo ano ndikafika kunyumba, ngati wapampando avomera ndibwera Lachisanu ndi ya mmawa